Lekani kulemba kuti "tikufuna antchito mwachangu"

Sabata siitha ndisanalandire foni yotere: "Achimwene, ndinaika uthenga wa ntchito pa Facebook, anthu andisokosa usiku wonse, koma woti ndingamulembe ndamusowa. Kodi anthu a masiku ano safuna ntchito?" Ndikati nditumizireni uthengawo ndiuone, ndimapeza mawu amodzimodzi amene ndakhala ndikuwawerenga kwa zaka zonse zimene ndayendetsa malo odyera ndi kulemba anthu ntchito zakukhitchini. "Lesitilanti yomwe ikukula ikufuna antchito mwachangu. Akhale olimbikira, okhulupirika ndi oopa Mulungu. Malipiro tidzakambirana. Tipezeni ku inibokosi."

Ndatopa nawo mawu amenewa. Kodi munamuonapo munthu wofuna ntchito amene amadziona kuti ndi waulesi? Munamuonapo wakuba amene amawerenga mawu oti "okhulupirika" n'kunena kuti aa, apa si panga, ndidutse? Uthenga woterewu suchotsa munthu ndi mmodzi yemwe. Aliyense ali ndi bandulo m'foni amalowa, ndipo inu amene munayamba mwadandaula kuti mulibe wophika mumakhala mwadziwonjezera ntchito ina yowerenga mauthenga mazanamazana oti "ndilipo bwana". Walira mvula walira matope.

Uthenga wa ntchito ndi sefa. Mayi akamasefa ufa sadandaula kuti misere yatsalira pamwamba, chifukwa n'chimene anagulira sefayo. Uthenga wanu ukagwira bwino ntchito, anthu ambiri ouwerenga ayenera kuona okha kuti ntchitoyi si yawo, n'kudutsa osakuvutitsani. Otsalawo akhale ochepa, oti mukhoza kulankhula nawo mmodzimmodzi. Eni malesitilanti ambiri amaganiza mozondoka. Amabisa zowawa za ntchito poopa kuthawitsa anthu, osadziwa kuti woyamba kuthawa uthenga wosamveka ndi wophika waluso uja. Iyeyo ali pa ntchito kale kwinakwake, akulandira kale kenakake, ndipo sangataye tsiku lake ndi ndalama ya minibasi kudzamva malipiro amene mwakana kuwalemba. Amene amabwera ndi amene alibe chotaya.

Ndikuuzeni za mayi wina wa ku Area 47 mu Lilongwe, amene dzina lake ndi la malo ake ndizisunga. Anayamba ndi matebulo asanu ndi atatu, nsima ya chambo, nkhuku ya lokolo, tchipisi ndi mpunga, makasitomala ake ambiri ali a m'maofesi nthawi ya nkhomaliro. Mu 2024 anatenga chipinda choyandikana nacho, matebulo n'kufika makumi awiri, n'kuyambanso kutsegula mpaka usiku. Wophika wake mmodzi yekhayo anayamba kulema. Mayiyo anaika uthenga uja ndaulemba pamwambapa, pafupifupi liwu ndi liwu. Pofika tsiku lachitatu anali atasiya kuwerenga mauthenga atadutsa mazana atatu. Anatola mnyamata mmodzi amene ankaoneka waulemu, wokhala ku Area 36. Mnyamatayo anagwira masiku asanu ndi anayi, la khumi sanaoneke, foni osayankha.

Atandiitana, sindinayambe ndi kukonza mawu. Ndinatenga pepala n'kuwafunsa kuti, "Mayi, mumatsegula nthawi yanji?"

"Moto timasonkha 6 koloko m'mawa, mbale yomaliza imatsukidwa cha m'ma 10 koloko usiku."

"Ndiye munthu amene mukumufunayo azigwira nthawi iti?"

Anakhala kaye chete, kenako n'kuti, "Aa, basi azigwira, timathandizana."

Apo m'pamene panali vuto, ndipo silinali vuto la kalembedwe. Kuchokera 6 koloko m'mawa kufika 10 koloko usiku ndi maola 16. Lamulo la zantchito la dziko lino, lija la mu 2000, limaika malire a maola 48 pa sabata pa nthawi yogwira ntchito ya masiku onse. Kwa munthu wogwira masiku asanu ndi limodzi, amenewo ndi maola asanu ndi atatu pa tsiku. Zoposera apo ndi ovataimu, ndipo ola la ovataimu limalipidwa ndalama ya ola limodzi ndi theka lake, pomwe akagwira pa tsiku lake lopuma kapena pa holide ya boma imakhala kuwirikiza kawiri. Khitchini ya maola 16 imafuna mashifiti awiri, palibe kuchitira mwina. Mayiwo sankafuna "wantchito". Ankafuna wophika wa shifiti yamadzulo, woyamba 2 koloko masana kuweruka 10 koloko usiku. Mpaka tsiku limenelo anali asananenepo mawu amenewa ngakhale kwa iwo eni, nanga akanawalemba bwanji?

Ambiri olemba mauthengawa vuto lawo n'lomweli. Mwini malo sadziwa chimene akufuna, wangomva kutopa, ndiye akufuna munthu wina adzamuthandize kutopako. Musanagwire foni, khalani pansi munene dzina la ntchitoyo. Wophika, wothandiza wophika amene amasenda mbatata ndi kutumbula nsomba, wotsuka mbale, woperekera zakudya, wapakauntala wolandira ndalama: awa ndi anthu osiyana, ofunsidwa mafunso osiyana, olandira malipiro osiyana. Mukawaphatikiza mu uthenga umodzi wa "antchito osiyanasiyana", wophika amaganiza kuti mudzamutsukitsa mbale, ndipo nthawi zambiri amakhala akuganiza zoona. Ngati mukufuna anthu atatu a ntchito zitatu, lembani mauthenga atatu.

Tinabwerera kwa mnyamata wa ku Area 36 uja. Mayiwo ankamutcha wosayamika. Ndinawapempha kuti tiwerengere limodzi. Ankamulipira K130,000 pa mwezi, zimene iwo ankaziona kuti n'zambiri chifukwa malipiro otsikitsitsa amene boma linaika kumayambiriro kwa chaka chimenecho anali K90,000. Koma kuchoka ku Area 36 kufika ku Area 47 ndi kudutsa tauni yonse, minibasi ziwiri. Pobwerera 10 koloko usiku minibasi kulibe, kwatsala kabaza wa njinga yamoto, amene usiku mtengo amatchula yekha. Titaika pamodzi ulendo wopita ndi wobwera, tinapeza kuti sankawononga pansi pa K4,000 pa tsiku. Masiku 26 pa mwezi, ndiye K104,000. Mnyamatayo amatsala ndi K26,000 ya lendi, chakudya ndi sopo. Sanathawe ntchito, anangochita samu mochedwa. Uthengawo ukanatchula dera ndi nthawi yowerukira, samuyo akanachitira kunyumba kwake, osabwera n'komwe, ndipo akanabwera ndi wa ku Mtandire kapena ku Area 49 amene njira yake ndi yaifupi.

N'chifukwa chake ndimaumirira kuti dera lilembedwe, nthawi yowerukira ilembedwe, ndipo ngati mumawatula antchito kunyumba mukatseka, mulembenso, chifukwa kwa munthu wamayi wogwira shifiti yausiku mzere umodzi umenewo umaposa mawu onse okoma amene mungapeke. Ngati simuwatula, musanamize. Lembani kuti mayendedwe ndi ake, adziyese yekha.

Tsopano za malipiro, pamene timakangana kwambiri. Mwini lesitilanti aliyense ali ndi zifukwa ziwiri zokanira kulemba ndalama. Choyamba, opikisana nawo adziwa. Ndikuuzeni kuti akudziwa kale. Ophika a m'tauni imodzi amadziwana, amakumana kumsika wa nsomba m'mawa uliwonse, ndipo malipiro anu amawadziwa kuposa mmene mkazi kapena mwamuna wanu amawadziwira. Chachiwiri, antchito akale aona kuti watsopano alandira zambiri. Chimenechi ndi chifukwa chenicheni, koma mankhwala ake si kubisa. Adzadziwabe pa mapeto a mwezi woyamba, ndipo adzadziwira kuseri, zimene zimapweteka koposa. Konzani kaye malipiro a m'nyumba, kenako mulengeze. Ngati simungatchule nambala imodzi, tchulani poyambira ndi polekezera, monga K200,000 mpaka K240,000 malinga ndi luso, koma mpata wake usakhale waukulu ngati bwalo la mpira. Mawu oti "malipiro abwino" kapena "malipiro osiririka" musawalembe n'komwe. Munthu amene wagwirapo ntchito m'khitchini akawaona amamva kuti ndalamayo ndi yochititsa manyazi kuitchula. Ndipo musanalembe nambala iliyonse, funsani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu kuti malipiro otsikitsitsa ali pati lero, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023 nambala imeneyi sikhalitsa malo amodzi. Matipi a makasitomala si malipiro, musawawerengere m'menemo.

Nanga mawu oti "yomwe ikukula"? Aliyense amawakonda, koma okha sanena kanthu. Kwa wophika wozindikira, "tikukula" amatanthauza kuti ntchito yachuluka, anthu sanachuluke. Ngati mukufuna kukulako kukope munthu, kuonetseni ndi zinthu zogwirika. Matebulo achoka pa asanu ndi atatu kufika pa makumi awiri. Mbale zimatuluka pafupifupi 120 pa tsiku, Lachisanu ndi Loweruka zimaposa. M'khitchini muli anthu anayi, mbaula za gasi ndi za makala, magetsi akazima muli jenereta kapena mulibe. Wophika akawerenga zimenezi amadziona ataima pamenepo, amadziwa ngati msana wake ungakwanitse. Amene anazolowera kuphikira banja la anthu asanu ndi mmodzi ku Area 10 amadziwa kuti mbale 120 ndi nkhani ina, ndipo amadutsa mwaulemu. Ndi sefa ija ikugwira ntchito.

Mapepala a sukulu ndidutsapo msanga. Musafune MSCE kwa munthu wotsuka mbale, mukungothamangitsa amayi olimba amene akanakhala nanu zaka zisanu, n'kutenga mnyamata amene akudikira zotsatira za ku koleji. Kwa wophika, satifiketi ya TEVETA kapena ya ku Malawi Institute of Tourism ndi yabwino, koma ophika ambiri a nsima ndi chambo amene ndimawalemekeza anaphunzirira pamoto. Lembani kuti pepala likakhalapo ndi bwino, koma chofunika ndi zaka ziwiri m'khitchini yogulitsa chakudya ndi nambala ya bwana wake wakale amene mungamuimbire. Pepala limene simunganyengerere ndi la kuchipatala la ogwira chakudya, limene a khonsolo amafunsa akabwera kudzayendera. Nenani mu uthengamo kuti adzapimidwa akalembedwa ntchito, komanso amene adzalipire ndi ndani. Ine ndimati lipirani ndinu, pa chifukwa chimene ndifikepo posachedwa.

Pali mtundu wina wa uthenga umene ukandipeza ndimakwiya ndithu. "Tikufuna atsikana ooneka bwino, osakwatiwa, opanda mwana. Tumizani chithunzi cha thupi lonse." Mukutsegula lesitilanti kapena chiyani? Lamulo lomwe lija la mu 2000 limaletsa kusankha anthu pa ntchito potengera kuti ndi mwamuna kapena mkazi, chipembedzo, mtundu, chilankhulo, ulumali, kukhala pabanja kapena udindo wa pabanja. Koma ngakhale lamulo tiliike pambali, taganizani amene amayankha uthenga wotere. Mtsikana wodziwa ntchito, amene amakumbukira maoda a matebulo anayi osalemba, amene amadziwa kuziziritsa kasitomala amene nsomba yake yachedwa, akawerenga zimenezo amadziwa mtundu wa bwana amene akamupeze, ndipo bambo ake kapena mwamuna wake akaona amamuletsa. Ngati chimene mukufuna ndi ukhondo, lembani ukhondo. Ngati mumalandira alendo akunja ndipo mukufuna wolankhula Chingerezi, lembani zimenezo, chifukwa ndi luso la ntchito. Ngati mumagulitsa mowa kapena kuphika nkhumba, nenaninso, kuti amene chikhulupiriro chake sichilola adzisankhire yekha, m'malo moti inu muzifunsa anthu kumene amapemphera.

Uthenga umene tinalemba ndi mayi aja unali uwu, ndangochotsa dzina ndi nambala:

"WOPHIKA WA SHIFITI YAMADZULO, AREA 47, LILONGWE. Tawonjezera matebulo kufika 20 ndipo tayamba kutsegula usiku, ndiye tikufuna wophika mmodzi. Timaphika nsima, mpunga, tchipisi, chambo, nkhuku ya lokolo ndi nyama yootcha, mbale pafupifupi 120 pa tsiku. Ntchito ndi Lolemba mpaka Loweruka, 2 koloko masana mpaka 10 koloko usiku, Lamulungu kupuma. Malipiro K210,000 pa mwezi, ovataimu payokha, chakudya chamadzulo ndi chathu, ndipo tikatseka timatula antchito okhala madera oyandikira. Mukhale kuti mwaphikapo zaka ziwiri pamalo ogulitsa chakudya. Tumizani uthenga pa WhatsApp pa nambala ili m'munsiyi, muyambe ndi liwu loti WOPHIKA, munene kumene mumakhala, kumene munagwirako, nambala ya bwana wanu wakale, ndi mbale zochuluka zimene munatulutsapo tsiku limodzi. Musaimbe. Titseka Lachisanu pa 15 Novembala, ndipo osankhidwa tidzawaimbira pofika Lachiwiri."

Mwaona kuti mulibe "olimbikira", mulibe "okhulupirika". Kukhulupirika mumakufufuza poimbira bwana wake wakale, simukupeza poitanitsa. Mwaonanso kuti dzina la ntchito ndi dera zili mu mzere woyamba, chifukwa pa Facebook uthenga wautali umadulidwa ndipo ambiri amangowerenga mizere yoyamba, ena amangoona pa sitetasi ya mnzawo akudutsa. K210,000 ija sitinangoitola. Masiku 26 a maola asanu ndi atatu ndi maola 208, ndiye ola limodzi likugwera pa K1,000 ndi kakusefukira, ovataimu n'kukhala cha m'ma K1,500. Mayiwo anaidziwa nambala imeneyi asanalembe munthu, ndipo mu Disembala, pamene khitchini imatseka pakati pa usiku, sanadzidzimuke.

Kamsampha ka liwu loti WOPHIKA ndi kakang'ono koma kamagwira. Munthu amene walephera kutsatira malangizo a mzere umodzi pamene akufuna ntchito, sadzatsatira oda ya "tchipisi chopanda mchere" pamene waipeza. Komanso pa WhatsApp mumangolemba liwulo posakira, onse otsatira malangizo amatuluka pamodzi. Funso la mbale nalonso limaulula. Wophika weniweni amayankha ngati wophika: "ku ukwati ndinaphikira anthu 300, tinali atatu, ine ndinali pa mpunga." Wongoyerekeza amati "zambiri bwana". Ndipo sindinapemphe sivi. Ophika ambiri abwino alibe, akafuna amakalembetsa pa malo otayipira n'kulipira, ndipo zimene zimatuluka kumeneko zimafanana zonse ngati mandasi a mafuta amodzi.

Mauthenga anabwera osakwana makumi asanu. Otsatira malangizo anali khumi ndi anayi. Tinaimbira mabwana akale a asanu ndi mmodzi, tinaitana atatu kudzaphika tsiku limodzi aliyense, ndipo tsikulo tinawalipira. Pamenepanso ndichenjeze: kuitana anthu khumi kuti "adzayesedwe" ulere Loweruka pamene muli ndi phwando la ukwati si kuyesa, ndi kuba thukuta, ndipo mbiri yake imayenda msanga kuposa uthenga wanu. Anasankhidwa mayi wa ku Mtandire, amene ndikudutsako komaliza anali akadali pomwepo.

Zonsezi zinatenga pafupifupi masabata atatu, ndipo apa ndi pamene ambiri mumagwa. Sabata imodzi kapena masiku khumi a kulengeza, masiku angapo oimba mafoni ndi kuyesa, ndiye wophika wabwinoyo akufunikanso kutsanzika kumene ali, nthawi zambiri mwezi wathunthu. Akakuuzani kuti ayamba mawa chikhalirecho ali pa ntchito kwina, dziwani kuti inunso adzakusiyani chimodzimodzi. Ndiye ngati mukufuna munthu wa Khirisimasi, uthenga utuluke mu Okutobala. Mayi aja anachedwa kale, zinangowayendera chifukwa wosankhidwayo malo ake akale anali atatsekedwa. Mawu oti "mwachangu" amene mumakonda kuika m'malembo akuluakulu amangouza dziko lonse kuti mwapanikizika, ndipo munthu wopanikizika ndiye ndiwo ya madobadoba. Amakupezani okha: "Bwana, ine ndili ndi ophika ambiri, mungondipatsa kangachepe." Wophika amene akubweretserani simukumudziwa, bwana wake wakale ndi mnzake wa dobadobayo amene wagwirizira foni ina, ndipo malipiro a mwezi woyamba agawana.

Koma uthenga wa WOPHIKA uja tinalemba ndi mayi aja uli ndi chilema, ndipo chilemacho ndi changa. Muuwerengenso. Mulibe mzere wonena kuti sitilandira ndalama kwa wofunsira ntchito. Ndinkadziwa bwino kuti akathyali amachita zotani, koma ndinaona ngati uthengawo watalika kale, ndinati tiusiye choncho.

Munthu wina anaukopera wonse, liwu ndi liwu, anatenganso chithunzi cha malowo chimene tinaika, n'kungosintha nambala. Anauponya m'magulu a WhatsApp a ofuna ntchito. Ndipo chifukwa uthengawo unali womveka bwino, wa manambala ndi nthawi, anthu anaukhulupirira kuposa mmene akanakhulupirira wa "tikufuna antchito" uja. Chinthu chimene ndinkanyadira ndicho chinamuthandiza kuba. Aliyense womulembera ankamuyankha mwaulemu kuti wasankhidwa, atumize K25,000 pa foni ya yunifomu ndi kupimidwa kuchipatala, adzayambe Lolemba 8 koloko m'mawa.

Lolembalo mayi aja anandiimbira mawu akunjenjemera. Nditafika ndinapeza anthu asanu ndi awiri pakhonde, ena ndi zikwama za zovala. Onse ankaonetsa uthenga umodzi pa foni, ndipo nambala ija inali itazimitsidwa kale. Ambiri anakalipa, wina anati mayiwo ndiwo apanga chiwembu, ndipo sindinawaimbe mlandu chifukwa chithunzicho chinali cha malo omwewo amene anaimapo. Tinawauza akanene kupolisi ndi ku kampani ya foni imene ndalamayo inadutsira, ndipo mayiwo anapita nawo kukapereka umboni.

Amene sandichoka m'maso ndi bambo wina wachikulire wochokera cha ku Mponela. Iye sanakalipe. Anakhala pa sitepe, n'kutulutsa m'pulasitiki makalata atatu a mabwana ake akale, opindidwa mpaka m'mopindamo mwayamba kung'ambika. Anali ataphika pa malo ogona alendo a m'mbali mwa msewu wa M1 kwa zaka zoposa khumi. K25,000 ija pamodzi ndi ndalama ya basi anachita kukongola ya katapila, ndipo mkazi wake anali atauza kale anthu a kumpingo kuti bambo apeza ntchito ku Lilongwe. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Bwana, ndiye kuti ntchitoyo kulibe, kapena iliko koma si yanga?" Ndinamuyankha kuti iliko koma yatengedwa. Ndinawerenga makalata ake ndili chiimire, ndipo ndikunena zoona, akanalembera nambala yeniyeni akanakhala mwa atatu aja tinawaitana. Mayi aja anamupatsa nsima ndi ndalama ya basi. Anadya theka, theka linalo anapempha pepala lokulungira.

Chichokereni tsikulo sindilola uthenga wa ntchito utuluke m'manja mwanga wopanda mzere uwu, ndipo sindiuika pansi pamene umadulidwa, ndimauika mzere wachiwiri: "Sitilandira ndalama iliyonse kwa ofunsira ntchito, ya fomu, ya yunifomu ngakhale ya kuchipatala. Wokupemphani ndalama si ife." N'chifukwa chake ndinati kupimidwa kuja lipirani ndinu, kuti mzerewu ukhale woona wopanda "koma". Mungati wakubayo adzangofufuta mzerewo, ndipo n'zoona, malembo wamba amafufutika mosavuta. Ndiye mawuwa pamodzi ndi nambala yanu muwalembenso pa chithunzi chenichenicho, modutsa pakati, osati m'mphepete moti munthu angadule. Nambala ikhale yomwe ija ili pa chikwangwani cha panja ndi pa tsamba lanu, osati ya mlamu wanu amene ali ndi bandulo sabata ino. Matani pepala la uthenga womwewo pakhomo la lesitilanti kuti wokayika adzadzionere. Uzani alonda ndi operekera zakudya kuti wina akafunsa za ntchito ayankhe chiyani, chifukwa nthawi zina wolandira "kangachepe" amakhala wa m'nyumba momwemo. Ndipo ntchito ikatengedwa, bwererani pa uthengawo mulembe pamwamba kuti TATSEKA ndi tsiku lake, chifukwa uthenga wa ntchito suwola, umazungulirabe m'magulu miyezi itatu pambuyo pake, ndipo akathyali amakonda wakale umene mwini wake anauiwala.

Nambala ya bambo wa ku Mponela uja ndinaitenga. Mu Febuluwale malo ena ku Area 18 anandipempha wophika, ndinaimba kangapo, koma sinkapezeka. Ndinayesanso mu Epulo, anayankha munthu wina amene sankamudziwa n'komwe.